Kompyuta ikamalira ngati chigayo usiku

Masana palibe amene amalimva. Panja pakudutsa njinga zamoto za kabaza, wailesi ya aneba ili pamwamba, ana akuthamangitsana pakhonde. Koma ikangokwana 10 koloko usiku, dera lonse n'kukhala zii, kompyuta imene yakhala pansi pa tebulo tsiku lonse imayamba kumveka ngati chigayo cha kutsidya kwa dambo. Amene ali pa ntchito amapirira chifukwa maganizo ake ali pa zimene akulemba. Wovutika ndi mnzake amene wagona pafupi, yemwe amangotembenuka uku ndi uku mpaka kufunsa kuti, "Kodi chinthu chanucho simuzimitsa?"

Dandaulo lakelo ndi lomveka. M'malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 1999, akuti phokoso losalekeza m'chipinda chogona lisapitirire madesibelo 30 ngati munthu ati agone bwino. Madesibelo ndi muyezo wa phokoso, ndipo sawerengedwa ngati makilogalamu a chimanga. Phokoso likakwera ndi madesibelo 10, khutu limamva ngati lawirikiza kawiri. Choncho kompyuta yolira madesibelo 40, imene mu ofesi ya anthu ambiri singadziwike n'komwe, kuchipinda imamveka kuwirikiza kawiri mlingo umene tulo timalola.

Mbali yaikulu ya phokosoli imachokera ku mafani, timakina tokupiza mphepo timene timachotsa kutentha m'kati mwa bokosi la kompyuta. Pali lamulo limodzi lokhudza mafani limene akatswiri a makina amalidziwa bwino, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Mphepo imene fani imakankha imatsika mofanana ndi liwiro lake, koma phokoso limatsika mofulumira kwambiri kuposa pamenepo. Fani ikachepetsedwa liwiro ndi theka, mphepo imatsala theka, pamene phokoso limagwa ndi madesibelo pafupifupi 15. Kukhutu, phokoso lotsalalo ndi laling'ono kuposa theka la loyamba lija. Ndiye funso lenileni si lakuti phokoso libisidwe bwanji. Funso ndi lakuti n'chiyani chikuthamangitsa faniyo, ndipo chingachotsedwe bwanji kuti iziyenda modekha popanda kuwotcha kalikonse.

Nkhani yake m'nyumba zambiri imayenda chonchi. Mphunzitsi wa ku sekondale, tinene kuti wa ku Zomba, ali ndi kompyuta ya zaka zisanu imene amalembera mayeso ndi kulowetsa malikisi usiku. Ili pansi pa simenti, pakona, ndipo pamwamba pake anafunditsapo kansalu koluka kuti isade. Mu Juni inali yofatsa. Wafika Okutobala, kutentha kwa masana kwadutsa madigiri 30, chipinda cha malata sichizizira mpaka pakati pa usiku, ndipo kompyuta ija yasanduka chigayo. Maganizo oyamba amene amamufikira ndi okagula mafani atsopano. Kumeneko n'kuyambira kumchira, chifukwa sanadziwe kuti mwa mafani anayi kapena asanu amene ali m'bokosimo, wolakwa ndi uti.

M'kompyuta ya patebulo mumakhala fani ya purosesa, yomwe imakhala pamwamba pa chitsulo cha mano ngati chipeso chimene chimayamwa kutentha. Mumakhalanso fani imodzi kapena ziwiri za bokosi, yakutsogolo yolowetsa mphepo ndi yakumbuyo yotulutsa, ndiponso fani ya m'kabokosi ka magetsi. Ngati muli khadi lapadera la zithunzi, nalonso lili ndi mafani ake. Njira yopezera wolakwa ndi yophweka moti ena amaiderera. Chivundikiro cha m'mbali chimachotsedwa, kompyuta n'kuyatsidwa, ndipo munthu amapinda pepala kukhala kampope, mbali ina pakhutu, mbali ina pafupi ndi fani iliyonse, ngati mmene dokotala amamvetserera pachifuwa. Akafuna kutsimikiza, amagunda ndi chala pakati penipeni pa fani, pamene pali sitika, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kuti iime. Mapiko sagwiridwa chifukwa amacheka chala ndiponso amathyoka. Phokoso likatha pamene fani inayake yaima, wapezeka. Fani ya m'kabokosi ka magetsi yokha ndiyo siigwiridwa ndipo salowetsamo kanthu. Imadziwika ikatsala yokha mafani ena onse atayesedwa.

Kulira kwakenso kumanena zambiri. Phokoso la mphepo yokhayokha, lija la fwiii losalala, limasonyeza kuti fani ndi yabwinobwino koma ikuthamanga kwambiri. Kukhwekhwereza kapena kulira kwa gwedegwede, makamaka kompyuta ikangoyatsidwa m'mawa n'kumatha pakapita mphindi zingapo, ndi beringi yomwe yauma kapena yatha. Katitikiti kobwerezabwereza nthawi zambiri ndi kawaya kamene kalendewera n'kumakhudza mapiko, ndipo mankhwala ake ndi kungokamangirira pambali. Kung'ung'udza kwapansipansi kumene kumamveka ngakhale kuchipinda china ndi kunjenjemera kwa chitsulo cha bokosi, ndipo munthu akasindikiza chikhatho pachivundikiro n'kumva kuti kwachepa, wadziwa.

Kwa mphunzitsi uja, kampope ka pepala kakuloza fani ya purosesa, ndipo phokoso lake ndi la mphepo yokhayokha. Pulogalamu yaulere ngati `HWiNFO` kapena `HWMonitor` imasonyeza manambala awiri ofunika: kutentha kwa purosesa, ndi kuchuluka kwa maulendo amene fani ikuzungulira pa mphindi, amene pa sikirini amalembedwa kuti `RPM`. Tinene kuti zikusonyeza madigiri 62 ndi maulendo 2,400, pamene iye akungolemba chabe. Kulemba sikutopetsa purosesa. M'chipinda cha madigiri 28, kompyuta yongolembera imayenera kukhala chapafupi ndi madigiri 40 kapena 45. Fani siikulakwa. Ikuchita zimene inauzidwa, zoti kukatentha ithamange.

Asanagwire sikuludiraiva, ndi bwino kudina `Ctrl+Shift+Esc` kuti aone pa `Task Manager` ngati pali pulogalamu ina imene ikudya mphamvu za purosesa mobisa. Nthawi zina chigayo chonsecho chimayendetsedwa ndi tsamba limodzi la intaneti loiwalika lotsegula. Ngati purosesa ikugwira ntchito yochepa koma ndi yotenthabe, ndiye kuti kutentha kukusowa potulukira.

Apa ndi pamene fumbi limaonekera poyera. Akaunika ndi tochi pakati pa fani ndi mano a chitsulo chija, amapeza kabulangete kotuwa kolukana, kosakanikirana ndi ulusi wa zofunda ndi tsitsi, nthawi zina ndi ukonde wa kangaude. Kompyuta yokhala pansi imapuma fumbi lonse limene tsache limadzutsa m'mawa uliwonse, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mphepo imabweretsanso lina kudzera m'mawindo. Kabulangeteko kamatseka njira, fani n'kumapalasa mwamphamvu koma mphepo osadutsa.

Poyeretsa, kompyuta imazimitsidwa, pulagi n'kuzulidwa kukhoma, kenako batani loyatsira limadinidwa kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Bokosi limatulutsidwa pabwalo. Munthu amayamba wagwira chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi, aja amathetheka munthu akavula juzi, asawononge tizipangizo. Kabulashi kofewa kopentera kamamasula fumbi, ndipo bulowa yamagetsi kapena pampu ya njinga imaliuluza. Chimene ambiri amalakwitsa ndi kusiya fani kuti izizungulira ndi mphepo ya bulowa mpaka kulira ngati wenzulo. Zimasangalatsa ana, koma zimapha beringi, ndiponso fani yozunguliridwa mokakamiza imatha kubweza magetsi ku bolodi lalikulu. Chala chimodzi chigwire mapiko nthawi yonse. Mpweya wa kompuresa ya kugalaja nawonso ndi wofunika kusamala nawo chifukwa umatuluka ndi timadontho ta madzi ndi mafuta.

Pa kompyuta ya zaka zisanu pamakhalanso ntchito ina. Pakati pa purosesa ndi chitsulo choyamwa kutentha pamapakidwa phala lotuwa limene limadzaza timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kuwoloke bwino. Pakapita zaka limauma n'kumafufutika ngati dothi la m'chilimwe. Chitsulocho chimamasulidwa, phala lakale n'kupukutidwa mbali zonse ziwiri ndi kansalu kosathothoka konyowetsedwa ndi spiriti ya mtundu wa aisopuropili, ndipo latsopano limadonthezedwa pakati, kukula kwake ngati njere ya nandolo. Chitsulo chikamangidwa chimalifalitsa chokha. Zomangira zimalimbitsidwa mopingasa, ngodya iyi kenako yoyang'anana nayo, pang'onopang'ono, monga amachitira ndi manati a tayala la galimoto. Pa mapurosesa ambiri a AMD amene mapini ake ali pa purosesa penipeni, phala louma limamata ngati guluu moti chitsulo chikakokedwa molunjika chimazula purosesa n'kupinda mapini. Amisiri amayamba aitenthetsa kompyutayo kwa mphindi zingapo, kenako amapotokola chitsulocho pang'ono uku ndi uku asananyamule.

Ntchito ziwirizi zikatha, manambala aja amasintha. M'chitsanzo chathu kutentha kwatsika kufika madigiri 44 ndipo fani yadzichepetsa yokha kufika maulendo 1,200. Limenelo ndi theka la liwiro loyamba, kutanthauza madesibelo pafupifupi 15 ochotsedwa ndi bulashi ndi kachubu kamodzi ka phala.

Chotsatira ndicho kulankhula ndi fani mwachindunji. Kompyuta ikangoyatsidwa, kudina `Del` kapena `F2` kumatsegula `BIOS`, ndipo mmenemo muli malo olamulira mafani. Mabolodi a Asus amawatcha `Q-Fan`, a Gigabyte `Smart Fan`, a MSI `Hardware Monitor`. Chinthu choyamba kuona ndi chimene chimapusitsa anthu ambiri. Mafani alipo a mitundu iwiri: a pulagi ya mabowo atatu ndi a mabowo anayi. Onse amayendera mavoti 12, koma amalamulidwa mosiyana. Ya mabowo anayi ili ndi waya wapadera woiuza liwiro, njira imene pa sikirini imalembedwa kuti `PWM`. Ya mabowo atatu ilibe waya ameneyo, ndipo imachepetsedwa liwiro pochepetsa mavoti, njira yotchedwa `DC`. Fani ya mabowo atatu ikalumikizidwa pamalo amene aikidwa pa `PWM`, siimva lamulo lililonse ndipo imathamanga liwiro lake lonse usana ndi usiku. Pali makompyuta amene alira zaka zambiri chifukwa cha mawu amodzi okha amenewa, ndipo kusintha kukhala `DC` kumawatontholetsa nthawi yomweyo. Fani yolumikizidwa molunjika ku waya wochokera kukabokosi ka magetsi nayonso siimva lamulo. Iyenera kusamutsidwira pamapini a bolodi olembedwa `SYS_FAN` kapena `CHA_FAN`.

Kenako pali mzere wojambulidwa umene umauza fani kuti pa kutentha kwakuti ithamange mwakuti. Opanga mabolodi amaukonza mwamantha, chifukwa sadziwa ngati kompyutayo ikakhale ku Nyika kapena ku Nsanje. Poyambira pabwino pa kompyuta ya kuchipinda ndi apa: fani ikhale pa 30 peresenti mpaka madigiri 50, ikwere pang'onopang'ono kufika 50 peresenti pa madigiri 65, ndipo ifike liwiro lonse pa madigiri 85. Mapurosesa ambiri a masiku ano amayamba kudzichepetsa mphamvu okha akafika madigiri 95 kapena 100 kuti asapse, choncho madigiri 70 pa ntchito yolemera si choopsa. Palibe phindu lothamangitsa fani kuti purosesa ikhale pa 38 m'malo mwa 46.

Pali chinthu china chimene chimasowetsa tulo kuposa kukula kwa phokoso, ndicho kusinthasintha kwake. Khutu limazolowera phokoso lokhazikika, monga limazolowera mvula padenga, koma limadzidzimuka ndi fani imene ikukwera ndi kutsika masekondi asanu aliwonse. Mapurosesa atsopano amalumpha madigiri 10 kapena 15 m'kanthawi kochepa munthu akangotsegula pulogalamu, n'kubwereranso pomwepo. Fani ikamatsatira kulumpha kulikonse imakhala ngati munthu wa befu. N'chifukwa chake gawo loyamba la mzere uja liyenera kukhala lathyathyathya, ndipo pamene pali `Step Up Time` ndi `Step Down Time` ndi bwino kuika masekondi ambiri amene bolodilo limalola, kuti fani iziyamba yadikira isanasinthe.

Malire alipo. Fani iliyonse ili ndi liwiro limene pansi pake imaima, ndipo ya mabowo atatu imafuna mavoti okwanira kuti idzuke kuchokera pamene yaima. Imatha kuzungulira bwino pa 30 peresenti ikakhala kale paulendo, mawa lake n'kukana kuyamba. Choncho akamaliza kusintha, munthu azimitse kompyuta kotheratu, ayatsenso, n'kuona ndi maso ake kuti fani iliyonse yadzuka. Kenako aipatse ntchito yolemera kwa mphindi 20 akuyang'ana kutentha. Kuyesaku kuchitike masana otentha, chifukwa mzere woyesedwa mu Juni ukhoza kuperewera ndi madigiri 10 mu Okutobala. Kutentha kwa chipinda kukakwera digiri imodzi, purosesa nayo imakwera pafupifupi digiri imodzi.

Eni makompyuta a mu ofesi ogulidwa pa kaunjika, monga Dell OptiPlex ndi anzake a HP amene adzaza m'mashopu a ku Limbe ndi ku Lilongwe, apeza kuti `BIOS` yawo nthawi zambiri ilibe mzere woterewu. Ena ali ndi mapulagi a mafani a mtundu wawowawo, moti fani wamba siilowa, kapena kompyuta imadandaula poyaka kuti fani yasowa. Kwa iwowa bulashi ndi phala ndiye zida zazikulu. Chinanso chothandiza ndi kuchepetsa kutentha kumene purosesa imapanga. Mu Windows, kulemba `powercfg.cpl` kumatsegula malo a mphamvu, ndipo pansi pa `Processor power management` pali `Maximum processor state`. Pa makompyuta ambiri, kuika 99 m'malo mwa 100 kumaletsa purosesa kulumphira pa liwiro lake lapamwamba, limene limapanga kutentha kochuluka. Wolemba mayeso sangaone kusiyana kulikonse. Wokonza mavidiyo aona kuti ntchito ikuchedwa, ndiye iye azisankha nthawi yake.

Kugula kumabwera pamapeto, ndipo lamulo lija la liwiro ndi limene limatsogolera ndalama. Fani yaikulu imakankha mphepo yofanana ikuyenda pang'onopang'ono. Ya mamilimita 120 ili ndi malo odutsa mphepo oposa kawiri a ija ya mamilimita 80, choncho kumene bokosi lili ndi mabowo olola yaikulu, yaikuluyo ndiyo yoyenera. Chodabwitsa n'chakuti kuwonjezera fani kumatha kuchepetsa phokoso. Mafani awiri ofanana amalira madesibelo 3 okha kuposa imodzi. Koma awiriwo akamayenda theka la liwiro, aliyense watsika ndi 15, ndiye onse pamodzi ali pansi ndi madesibelo pafupifupi 12 poyerekeza ndi fani imodzi yothamanga yokha, pamene mphepo ndi yofananako. Chimodzimodzi, kachitsulo kakang'ono kamene kamabwera ndi purosesa kakalowedwa m'malo ndi chitsulo chachitali chokhala ndi fani ya mamilimita 120, kusiyana kumamveka tsiku lomwelo. Chofunika ndi kuyeza kaye ndi rula, chifukwa zitsulo zoterezi zimatalika masentimita 15 kapena 16 ndipo m'bokosi lopyapyala chivundikiro sichingatsekeke.

Fani yokhwekhwereza ili ndi nkhani yakeyake. Zotchipa zambiri zili ndi beringi ya kachubu kopakidwa mafuta, ndipo mafutawo akauma phokoso limayamba. Amisiri amamatula sitika ya kumbuyo, n'kudontheza dontho limodzi la mafuta a makina osokera pa kamtengo kachitsulo ka pakati, n'kumatanso. Zimathandiza kwa miyezi ingapo, nthawi yokwanira kusunga ndalama ya ina. Mafuta ophikira ndi osayenera chifukwa amalimba n'kukhala ngati ulimbo. Pogula yatsopano, ya beringi yosambira m'mafuta otsekeredwa, imene pa paketi imalembedwa kuti `FDB`, imakhalitsa ndipo imakhala chete kwa nthawi yaitali.

Ngati wolakwa ndi fani ya m'kabokosi ka magetsi, mwini kompyuta asatsegule. M'katimo muli tizipangizo tosunga magetsi a mavoti mazana angapo, timene timatha kumenya munthu ngakhale pulagi itazulidwa. Fumbi likhoza kuuluzidwa kuchokera kunja, koma ikapitiriza kulira, kabokosi konseko kasinthidwe kapena kapite kwa mmisiri wodziwa.

Mphunzitsi uja watsala ndi kansalu koluka ndi kona ija. Kansaluko kamatseka mabowo otulukira mphepo yotentha, ndiye kazifundidwa kompyuta ikazimitsidwa basi. Kuitsekera m'kabati kuti isamveke kumabweza vuto lomwe lija, chifukwa imapuma mpweya wake womwe wotentha ndipo mafani amathamanga kuposa kale. Malo abwino ndi pa kabenchi kotalika pang'ono kuchokera pansi, kumbuyo kwake kutasiyidwa mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera kukhoma, ndiponso kutali ndi kumutu kwa bedi. Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo 6. M'chipinda makoma amabweza lina, koma phindu limakhalapobe. Patebulo la matabwa opyapyala, bokosi limasandutsa tebulo lonse kukhala ng'oma, ndipo tizidutswa ta labala todulidwa ku silipasi yakale, toikidwa kunsi kwa miyendo inayi, timathetsa zimenezo.

Mafani akatonthola, pamatulukira mawu ena amene anali obisika. Usiku woyamba mphunzitsiyo amva kung'ung'udza kwapansi kosasintha ngakhale atagwira fani iliyonse. Imeneyo ndi hadi disiki, imene mbale zake zimazungulira maulendo 7,200 pa mphindi, kutanthauza 120 pa sekondi, n'kumanjenjemeretsa chitsulo chimene yamangidwapo. Timawashala ta labala pa zomangira zake timachepetsako. Chothetseratu ndi kusamutsira Windows ndi mafailo a tsiku ndi tsiku pa SSD, imene ilibe kanthu kozungulira, n'kuuza Windows pa `Turn off hard disk after` kuti disiki yakale ija, yosungira zithunzi ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo, izigona pakatha mphindi 10 isanafunidwe.